Kalata ya dokotala isagone m'nyumba

Zikomo a gulupu, zikomo mafumu, amayi ndi abambo. Akumbuyoko sunthirani kuno, mphepo ya kuno ku Ntcheu imatenga mawu.

Nonse mukudziwa za bambo tinawaika m'manda sabata yatha. Dzina sinditchula, ndipo achibale andilola kuti ndiyankhule. Bambowo anabwera kwa ife akudandaula kuti nsima ikuima pachifuwa. Tinawayeza, tinawalembera kalata yopita nayo kuchipatala chachikulu. Kalatayo inakhala m'sutikesi miyezi itatu, ati adikire agulitse kachewere ku Lizulu kuti apeze ya thiransipoti. Pamene ankanyamuka, ndi madzi omwe anali akubwerera. Sindinganene kuti akanapita msanga akanachira, ayi. Koma akanathandizidwa akadali ndi mphamvu. Ndiye lero mawu anga ndi amodzi: kalata ya dokotala isagone m'nyumba.

Ambiri mukapatsidwa kalata mumati, "Andithamangitsa, andilephera." Si choncho. Ife kuno tili ndi sikelo, choyezera kuthamanga kwa magazi, manja ndi makutu. Chida choonera m'kati mwa kummero tilibe. Ndiye timakutumizani kuchipatala cha boma, iwonso akaona kuti n'zofunika katswiri, amakutumizani ku Kamuzu Central ku Lilongwe. Katswiriyo sakukudziwani, ndipo pabenchi pake pali anthu ambirimbiri. Kalata ija ndiyo ikamuuza m'mphindi ziwiri zimene ine ndaziona pa inu miyezi yonseyi.

Tiyeni tiitsegule kalata ya mtundu umenewu, muone zili m'kati. Tiyerekeze ndi bambo wa zaka 56. Pamwamba ndilemba dzina, zaka, mudzi, tsiku, ndi kumene ikupita. Kenaka mbiri ya matenda. Sindingolemba kuti "akuvutika kumeza". Ndilemba kuti vuto linayamba miyezi inayi yapitayo, poyamba inkakana ndi nyama ndi nsima, kenaka anasamukira ku phala, tsopano ndi phala lomwe likuvuta. Ndondomeko imeneyi ndi yofunika kwambiri. Katswiri akaona kuti zinayamba ndi zolimba n'kumapita ku zofewa, osasiya, amadziwa kuti njira ya chakudya ikuchepa pang'onopang'ono, ndipo chimodzi mwa zimene amaganizira ndi khansa ya kummero, imene kuno ku Malawi ndi yochuluka. N'chifukwa chake ndimakufunsani mafunso otopetsa aja. "Zinayamba liti?" Inu n'kumati, "Kalekale." Kalekale ndilemba bwanji? Nenani kuti zinayamba tikubzala, kapena tikukolola, ine ndiwerengera ndekha.

M'mbiri momwemo mumalowa fodya, kachasu, mankhwala amene mukumwa, ndi amene munamwa kwa asing'anga. Musandibisire, abambo, sindikukaneneza kwa abusa. Ngati muli pa mankhwala otalikitsa moyo, ndilemba, chifukwa munthu amene chitetezo chake chatsika amatha kutuluka zoyerayera m'kamwa mpaka kummero, kumeza n'kumapweteka, ndipo zimenezo zimachizika ndi mapiritsi. Ngati tinapereka kale mapiritsiwo osasintha kanthu, ndilembanso, kuti uko asakayambirenso pamene ife tinadutsa kale. Ngati pali mankhwala amene anakutulutsanipo zidzolo, amenewo ndimalemba mooneka bwino.

Gawo lachiwiri ndi zimene ndapeza poyeza. Apa m'pamene buku lanu la kuchipatala limagwira ntchito. Ndikatsegula ndipeza kuti chaka chatha sikelo inali makilogalamu 62, lero ndi 54. Makilogalamu 8 apita, munthu sanafune kuonda. Ndilemba manambala onse awiri, chifukwa kungoti "waonda" aliyense angatsutse, koma manambala satsutsika. Ndilembanso ngati m'maso ndi m'manja mwayera, ngati ndakhudza zotupa m'khosi, ngati thupi lauma madzi. Nanga inu amene buku mumasintha chaka ndi chaka, lina anadya makoswe, lina mwana anang'amba n'kukulungira mtedza, ine sikelo ya chaka chatha ndiitenga kuti? Sungani mabuku, amayi.

Gawo lachitatu ndi changu. Pali wodwala woti apite lero lomwe, tikuitanira ambulansi, monga amene madzi sakudutsa kapena akusanza magazi. Pali woti aonedwe m'masiku ochepa, ngati bambo tikuyerekezayu. Pali woti akhoza kudikira tsiku la kiliniki. Vuto lili pa wachiwiriyu. Amayenda yekha, amaseka, amapita kudimba, ndiye onse amati palibe changu. Pamene ali pa phala, njira ikutsekekabe. Kalata isagone m'nyumba.

Ee, mayi, mwaimika dzanja.

(Mayi wina: A dokotala, nanga bwanji mumalemba m'Chingerezi n'kumata? Mwana wanga anandiwerengera, anapezamo khansa, ine inu simunandiuze. Ndinachita mantha, sindinapite.)

Zikomo mayi, mwafunsira anthu ambiri. Choyamba, kalatayo ndi yanu, matendawo ndi anu. Muli ndi ufulu wofunsa kuti mwalembamo chiyani, ndipo ife tiyenera kukufotokozerani m'Chichewa musanatuluke pakhomo. Ngati sitinatero, bwererani mudzafunse, musaope. Timalemba m'Chingerezi chifukwa ndi mmene timalemberana pantchito, ndipo kumata n'kuteteza chinsinsi chanu, kuti wa kabaza kapena mlamu asadziwe zimene inu simunafune kuti adziwe.

Chachiwiri, mwanayo anawerenga bwino, koma mwina sanaone kachizindikiro ka funso kamene timaika pambali pa dzina la matenda. Kameneko kakutanthauza kuti ndikukayikira, sindinatsimikize. Ine pano sindingatsimikize khansa. Amatsimikiza uko, akalowetsa kachubu kokhala ndi kamera kudzera pakamwa, n'kutapa kanyama kochepa kokakayeza. Ena amapezeka kuti ndi chilonda chabe kapena vuto lina lochizika. Koma ndikapanda kulemba chimene ndikuopa, katswiri akuikani pamzere wa anthu osafulumira. Dzina loopsalo ndimalilemba dala kuti likutsegulireni khomo msanga. Ndiye mayi, kalata ija ikadalipo? Ilipo? Tikamaliza pano tionane, ndikuyezeninso, ndilembe yatsopano, chifukwa kalata yakale imanena za thupi la tsiku limene inalembedwa, osati la lero.

Wina adzati, bwanji osangokwera basi kupita ku Lilongwe wopanda kalata? Mukhoza kukafika, koma mukayambira pachiyambi, kufotokoza zonse, kuyezedwanso, mwinanso kuuzidwa kuti mudzere kuchipatala cha kwanu. Ndalama ya basi yapita. Ndinaonapo agogo ena atanyamula kalata ya malemu amuna awo, ati matenda ndi ofanana. Ayi, agogo, kalata sabwerekana.

Ndaona ena ayamba kuyang'ana dzuwa, mbuzi zikudikira, ndiye ndithamange. Mukalandira kalata, funsani zinthu zitatu musanachoke: ndikupita kuti, ndifike liti, mukukayikira chiyani. Ikani kalata ndi buku m'pepala la pulasitiki, mvula isafufute. Tengani mankhwala onse amene mukumwa m'mapaketi ake. Pitani ndi gadiyani amene akudziwa mmene matenda anayambira. Funsaninso ngati muyenera kufika osadya, chifukwa kuyeza kwa kachubu kuja kumafuna m'mimba mopanda kanthu. Ndalama ikavuta, musakhale chete, uzani ife, uzani a mfumu kapena a kubanki m'khonde, tsiku lomwelo. Zinthu zikasintha musanapite, madzi akayamba kubwerera, musadikire tsiku lolembedwa, bwerani pompo. Mukabwerako, mudzationetse zimene akulemberani m'buku, kuti tidziwe popitirizira.

Amene muli ndi makalata m'masutikesi, bwerani nawo mawa m'mawa, ndikhala ndilipo. A gulupu, ndabweza mawu kwa inu.