Malipiro amawerengedwa pa mphindi za mawu ojambulidwa

Kalata yotsatira yachokera kwa achemwali athu a ku Chinamwali ku Zomba. Akuti: "Zikomo awulutsi. Ndinaphunzira kutaipa ndipo laputopu ndili nayo. Ndamva kuti anthu amalipidwa pomvetsera mawu ojambulidwa n'kumawalemba. Kodi amalipira bwanji, amafuna liwiro lotani, nanga ndiyambire pati?"

Achemwali, choyamba gwirani ichi: salipira nthawi imene inu mwakhala pa mpando. Amawerengera kutalika kwa mawu ojambulidwawo. Kampani ya TranscribeMe yakhala ikulengeza kuti oyamba kumene amalandira madola 15 pa ola limodzi la mawu. Zikumveka zokoma, eti? Koma munthu woyamba, ola limenelo amalilemba maola asanu kapena asanu ndi limodzi, chifukwa amamvetsera, kuimitsa, kubwezera m'mbuyo, kenako kuwerenganso. Gawani 15 ndi 5, mupeza madola atatu pa ola lanu, bandulo ya intaneti musanachotsepo.

Tsono musatchule mtengo musanamvetsere failo. Anthu awiri akucheza m'ofesi n'zosavuta. Koma zokambirana za pagulu kumudzi, amayi khumi pansi pa mtengo wa mango, mphepo ikuwomba m'kachojambulira, mwana akulira, awiri akulankhula pakamodzi, pamenepo tsiku latha. Ntchito yotereyi mtengo wake ukwere, ndipo akati mumasulirenso m'Chingerezi, imeneyo ndi ntchito yachiwiri, ya malipiro akeake.

Za liwiro, fikani pa mawu 50 kapena 60 pa mphindi osayang'ana zala. Komabe chimene chimachotsetsa anthu ntchito n'zolakwa. Makampani akuluakulu monga Rev amalonjeza makasitomala awo kulondola kwa 99 pa 100, ndiye kuti m'mawu 1,000 zolakwa zisapose khumi. Pamene simunamve, musapeke. Ikani chizindikiro ndi nthawi yake, chonchi: [inaudible 00:12:35]. Funsaninso ngati akufuna chilichonse, ndi "eee" yemwe, chibwibwi ndi kuseka komwe, kapena mawu osalazidwa. Ofufuza ambiri amafuna chilichonse.

Poyambira? Pezani mahedifoni otseka makutu bwino, mutsegule oTranscribe, tsamba la pa intaneti lomvetsera mawu uku mukulemba, ndi laulere, ndipo batani la Esc limaimitsa ndi kuyambitsanso mawu manja osachoka pa kiyibodi. Jambulani mphindi khumi za pulogalamu inoyi, muzilembe wotchi ili pambali. Mukatha m'mphindi 40, mwakhwima.

Makampani akunjawo amayamba akuyesani mayeso a Chingerezi, ndipo ambiri amalipira kudzera pa PayPal, njira yotumizira ndalama pa intaneti, choncho tsimikizani kaye kuti ndalamazo zingathe kukufikani. Wina akakuuzani kuti mulipire kuti akulembeni ntchito, thawani. Ine ndikanakhala inu ndikanayambira konko ku Zomba. Ophunzira a digiri yachiwiri pa Yunivesite ya Malawi ndi mabungwe ofufuza amakhala ndi mafailo a Chichewa ndi Chiyao amene makina olemba okha mawu amavutika nawo. Atengereni tsamba limodzi lachitsanzo, mugwirizane mtengo pa mphindi ndi tsiku lolipira, zonse polemba.