Za ku Joni kuno: bezi, gitala ndi kiyibodi zikamalimbirana malo

Moni nonse a ku Chigwa, a ku Nchalo, ku Ngabu, ku Bangula mpaka a ku Marka uko kumalire, takhuta pomvetsera. Kuno ku Joni ndi Julaye, kuzizira kwake eeh, ndikujambula nditafunda bulangete pamene inuyo mwina mwangovala malaya okha. Mukamva mahutala kumbuyoku ndi mathekisi, chipinda changa chayang'ana kumsewu ndipo madalaivala akuno saimba hutala kamodzi.

Lero sindikamba za mapepala kapena za lendi. Mphwanga wa ku Ngabu wanditumizira pa WhatsApp nyimbo yomwe bandi ya kutchalitchi kwawo yajambula, akuti achimwene tamverani, bwanji ikumveka ngati tikuimbira mu diramu? Ndiye vuto lake ndi lomwelo timalimbana nalo kutchalitchi kwathu kuno, komwe timachita lendi ka holo pamwamba pa mashopu, a Malawi, a Zimbabwe ndi a ku Congo pamodzi, aliyense ndi chida chake ndipo aliyense akufuna amveke. Bambo wina wa ku Congo amene amatiimbira gitala ndi amene anandiphunzitsa zambiri mwa izi, munthu wosalankhulalankhula, masana amalondera magalimoto pa ka molo kena, koma akagwira gitala ungaganize kuti akuumira mawu, amaimba pang'ono kwambiri.

Nyimbo ya mphwangayo ili mu G, makodi atatu basi, G, C ndi D. Ndiye tamverani zomwe zikuchitika pa kodi ya G yokhayo. Wabezi akumenya G yake, nthawi zina yapansi ija ya pa fureti yachitatu yomwe ili pa 49 Hz, nthawi zina yapamwamba pake pa 98 Hz. Manambalawa akungonena kuti mawuwo ndi aakulu bwanji, nambala ikachepa ndiye kuti mawu ndi a pansi, okhuthala. Wakiyibodi naye dzanja lake lamanzere lili pa ma G awiri omwewo, 49 ndi 98, chifukwa anazolowera kuimba yekha pamaliro ndi pa mapemphero a m'mamawa pomwe palibe wabezi, ndiye dzanja lamanzere limagwira ntchito ya bezi. Kenako wagitala akukwapula kodi ya G yotsegula ija, nsambo zonse sikisi, ndipo nsambo yaikulu ikulira pa 98 pomweponso. Anthu atatu mawu amodzi, koma samenya nthawi imodzi ndendende, wina watsogolako pang'ono wina wachedwa, gitala mwina yatsikako pang'ono chifukwa cha kutentha kwa ku Ngabu kuja, ndiye chomwe chikutuluka ndi kunjenjemera kwina kwake kosamveka mutu wake. Wapamikisa akamva kuti bezi sikumveka amaikweza, wakiyibodi naye akweza yake, mapeto ake amayi akwaya akukuwa kuti amveke.

Amene munaonapo ulimba ukuimbidwa ku Nsanje mukudziwa kale yankho. Anthu atatu pa chida chimodzi, wina ku mbali ya mawu aakulu, wina pakati, wina ku mawu aang'ono, ndipo aliyense ali ndi matabwa ake. Bandi imafunika igawane chomwecho, kungoti pa bandi palibe thabwa looneka ndi maso, mumagwirizana pakamwa.

Ndiye ndinamuuza mphwanga kuti asanakhudze mikisa ayambe ndi manja a anthu. Pansi ponse ndi pa wabezi ndi ng'oma yaphazi, kiki ija, wina asapondepo. Wakiyibodi dzanja lamanzere alichotse kumeneko, asatsike kupitirira C yomwe ili okitevi imodzi pansi pa C yapakati, imeneyo ili cha pa 131 Hz, ndipo ngati dzanjalo likumuyabwa aliike pa bondo kaye. Apa ndi pomwe pamavuta anzanga, chifukwa wakiyibodi nthawi zambiri ndi mkulu wa bandi, nthawi zina kiyibodiyo ndi yake anagula yekha, ndiye mnyamata sangangoti chotsani dzanja. Kuno tinachita kupempha, kuti achimwene tayesani vesi imodzi yokha ndi dzanja lamanja, mumve. Atamva okha mmene bezi inatulukira sanafunenso kubwerera.

Wagitala ndiye asamuke zenizeni. Asiye nsambo zitatu zikuluzikulu, aimbe zitatu zing'onozing'ono zokha, chapakati pa khosi la gitala. Pa G agwire mafureti 7, 8, 7, kuyambira pa nsambo ya G, kenako ya B, kenako ya E yaing'ono. Pa C agwire 9, 8, 8. Pa D agwire 7, 7, 5. Mukaona bwino zala sizikuyenda mtunda, ndipo mawu ake otsikitsitsa tsopano ali cha pa 294 Hz, kutali ndi bezi. Akamaimba yekha kunyumba zimveka zopyapyala, adandaula kuti gitala yatha mphamvu, koma asaweruze ali yekha, adikire bezi ilowe.

Koma apa pali ka vuto kena, gitala ikakwera chonchi yafika pomwe dzanja lamanja la wakiyibodi limakonda kukhala, komanso mawu a amayi ali cha pomwepo. Simungathawe onse, malo ndi ochepa. Ndiye chomwe sichikugawika pa kukwera ndi kutsika kwa mawu mumachigawa pa nthawi. Gitala izidula mwachidule, tcha, tcha, pakati pa kugunda, ndiye kuti mukamawerenga wanu, thu, firii, folo, iyo igwere m'mipata mwake, ndipo akamenya azimasula zala nthawi yomweyo kuti mawu asapitirire. Kiyibodi igwire kodi n'kungoisiya italike, kamodzi pa bala, cha pa C yapakati pomwepo, mawu atatu okwana. Wina wamfupi wina wamtali, khutu limawasiyanitsa ngakhale ali pafupi. Zokometsera zija za wakiyibodi, tiriri tiriri, azisunge mpaka woimba atseke pakamwa kumapeto kwa mzere. Mu nyimbo ya mphwangayo wakiyibodi akuthamangitsa zala pamwamba pa mawu a mayi wotsogolera vesi yonse, mawu a nyimbo osamveka, chonsecho ndi nyimbo ya uthenga.

Za ng'oma sinditaya nthawi. Wabezi ndi waphazi amvane pa kugunda koyamba, agwere limodzi, kwinako wabezi atha kuyenda koma asamenye paliponse. Ndipo mwa hayihati ndi chisekese, chimodzi chokha ndi chomwe chizithamanga, chinacho chiziyenda theka lake kapena chidikire kolasi. Zonse zikamathamanga pamodzi pamwamba pamangomveka tsss ngati wailesi yasowa siteshoni, ndiye ma s a oimba amamira momwemo.

Mukatha zimenezi ndi pomwe mupite pa mikisa, ndipo mupeza ntchito yatsala yochepa. Mamikisa ambiri ang'onoang'ono ali ndi kabatani kolembedwa LOW CUT kapena HPF, pena pamalembedwa 80 Hz pena 100 Hz. Kadineni pa gitala, pa maiki onse a oimba ndi pa chisekese, koma osati pa bezi ndi pa kiki. Kamadula zapansi zomwe zida zimenezo sizikuzifuna, kugunda kwa mapazi pa siteji, mphepo ya pakamwa, zonsezo. Ngati mukujambula pa laputopu ndi FL Studio kapena pa foni ndi BandLab, mutha kusankha nokha podulira. Ine pa gitala yomwe ikuimba nsambo zitatu zija ndimadula mpaka cha pa 150 osaopa, popeza pansi pake palibe chomwe ikuimba. Njira yake, kwezani podulira pang'onopang'ono nyimbo yonse ikulira, mukamva gitala yayamba kuonda bwererani m'mbuyo pang'ono, imani pomwepo. Musachite izi mutadina SOLO, chida chikakhala chokha chimakunamizani, mumachinenepetsa kuti chikome ndiye chikabwerera kwa anzake chikudyanso malo awo. Ngati kumveka kwa mu diramu kuja kukadalipo, kawirikawiri kumakhala pakati pa 200 ndi 400 Hz, chepetsani pa kiyibodi ndi 2 kapena 3 dB basi, osati kukumba dzenje.

Ndiye pali PAN. Bezi, kiki ndi wotsogolera akhale pakati. Gitala ipite kumanzere pang'ono, kiyibodi kumanja pang'ono, chisekese mbali yomwe kulibe hayihati. Mu hedifoni zimakoma kwambiri, ineyo ndimagwira ntchito ndi hedifoni chifukwa chipindachi tinagawana ndi katani, mnzanga wa ku Mangochi amagwira usiku ku bekari ndiye masana amafuna tulo. Koma musadalire PAN. Kwathuko nyimbo anthu amamvera pa ka sipika kamodzi ka foni, pa ka bulutufu ka pa njinga ya kabaza, kapena pa chimkuzamawu cha pa msika, kumanzere ndi kumanja kulibe, zonse zimaunjikana pamodzi. Ndiye musanatumize dinani MONO mumve. Gitala ikasowa, ndiye kuti simunagawane, munangobisa vuto m'makutu awiri.

Foni yomweyo ili ndi nkhani ina pa bezi. Ka sipika kake sikangatulutse 49 Hz, ngakhale 98 imavuta, ndiye mutha kukonza bezi yogwedeza chifuwa mu hedifoni koma azakhali anu ku Bangula akatsegula pa foni osamva bezi n'komwe. Kukweza zapansi sikuthandiza, kumangodzaza nyimbo. Chomwe foni imatha kutulutsa ndi kulira kwa nsambo kwapamwamba, cha pa 700 mpaka 1000 Hz, ndiye kwezani pamenepo pang'ono pa bezi, khutu likamva zimenezo limadzazira lokha zapansi. Nsambo za bezi zikakalamba kulira kumeneku kumatha, ndipo ndi thukuta la kwathu kuja sizichedwa kufa. Zatsopano n'zodula, ndikudziwa, ena amaziwiritsa m'madzi kuti litsiro lichoke, zimabwererako kwa kanthawi koma si zatsopano ayi.

China chomwe njira imeneyi singakonze ndi chipinda. Tchalitchi cha malata, makoma a njerwa, pansi simenti, mawu amabwerera okha ndipo apansi ndi omwe amachedwa kutha. Pamenepo chotsani ampu ya bezi pakona, pakona imakuza zapansi mopitirira, ndipo poyesa zida kumbukirani kuti anthu akadzaza mawu asintha, matupi ndi zitenje zimameza zapamwamba.

Mphwanga ndamuuza ajambulenso vesi imodzi ndi kolasi, ayambe bezi ndi ng'oma zokha, kenako alowetse gitala, kiyibodi pomaliza, ndipo chida chikalowa n'kubisa chinzake aime pomwepo asinthe kaimbidwe. Akatumiza ndidzakuikirani zonse ziwiri, yakale ndi yatsopano, mudzamve nokha. Sabata yamawa tikamba za kutumiza katundu pa basi, wina wa ku Nchalo akufuna ndimugulire kiyibodi ndipo nkhani ya pa Mwanza ndi yaitali. Tsalani bwino.