Kudulidwa ndalama si umboni woti inshuwalansi yanu ili moyo

Zikomo afumu potipatsa bwalo. Amayi ndi abambo, amene muli pa inshuwalansi ya maliro kapena ya moyo, tamvani apa. Mabuku a ndalama zanu alipo awiri. Lina lili ku banki kapena pa peyisilipi ya kuntchito, limanena kuti ndalama yachoka. Lina lili ku kampani ya inshuwalansi, limanena kuti ndalama yafika ndipo yalembedwa pa nambala ya inshuwalansi yanu. Tsiku la zovuta kampani imatsegula buku lake lokhalo.

Pa pepala la mgwirizano lija munasaina pali tsiku limene ndalama ya pamwezi iyenera kufika. Likadutsa, sakufufutani nthawi yomweyo ayi, amakudikirani masiku angapo, amene achizungu amati giresi piriyodi. Kawirikawiri amakhala masiku 30, koma kawerengeni pa pepala lanu, musadalire za mnzanu. M'masiku amenewa mukadali otetezedwa. Kukagwa maliro amalipira ndithu, kungochotsapo ndalama imene munali musanapereke. Masikuwo akatha, basi, inshuwalansi yafa.

Tiyerekeze chonchi. Mayi wina amapereka K6,000 pamwezi, yofunika kufika pa 1. Anauza banki kuti izidula pa 28 mwezi uliwonse. Mu Febuluwale malipiro ake a kuntchito anachedwa, analowa pa 3 Malichi. Pa 28 paja banki inapeza K5,700 yokha mu akaunti, chifukwa inali itadula kale kandalama kake kosungira akaunti. Banki sidula theka. Ikapereweza ngakhale K300, siitumiza kalikonse, ndipo mabanki ena amakulipitsani chindapusa pamwamba.

Mayi uja sanadziwe. Pa 28 Malichi ndalama inadulidwa bwinobwino, mtima wake unali m'malo. Koma kampani imayamba yatseka ngongole yakale, ndiye K6,000 imeneyo inalipira Malichi, osati Epulo. Kuyambira pamenepo akuyenda mwezi umodzi m'mbuyo. Mwezi uliwonse ndalama yake ikufika masiku odikirira atatsala awiri kapena atatu kuti athe. Ndiye pa 28 Juni malipiro achedwenso. Iye akuganiza kuti wangophonya kamodzi ndipo ali ndi mwezi wathunthu wokonzera. Ayi. Ndalama imeneyo inali ya Juni, masiku ake odikirira akutha kumapeto kwa Juni komweko. Julayi akamalowa, inshuwalansi yafa, chonsecho sitetimenti ya banki ikuonetsa kuti anadulidwa Malichi, Epulo ndi Meyi.

Nanga mungazindikire bwanji? Tengani sitetimenti ya banki ya miyezi isanu ndi umodzi, kapena mapeyisilipi, kapena mauthenga a Mpamba ndi Airtel Money ngati mumalipira pafoni. Kenaka pitani ku kampani mukapemphe pepala loonetsa ndalama zimene alandira pa nambala yanu. Ikani awiriwo pa tebulo, muwerenge mwezi ndi mwezi. Funso lofunika kumufunsa wa pakauntala si lakuti “Kodi ndalama zikufika?” Mufunseni kuti “Ndalipira kufikira mwezi uti?” Akatchula mwezi wathawu, muli m'mbuyo. Lipirani mwezi wosowawo tsiku lomwelo, mutenge risiti yolembedwa nambala yanu.

Inde bambo kumbuyoko, mwati inu amakudulani kuntchito. Apo m'pamene pamapweteka kwambiri. Peyisilipi imangonena kuti abwana adula, sinena kuti atumiza. Malo ena antchito amasunga ndalamazo miyezi ingapo, ena amatumiza koma atalakwitsa nambala, ndalama n'kumangokhala ku kampani yopanda mwini. Mapeyisilipi anuwo musakulungire mandasi, ndiwo umboni wanu. Mukaona mpata, lemberani kalata a zamalipiro ndi kampani yomwe, musunge kope lodindidwa. Akapanda kukuthandizani, madandaulo otere amapita ku Reserve Bank of Malawi, kumene kuli ofesi yoyang'anira makampani a inshuwalansi.

Yang'ananinso kuchuluka kwa ndalamayo. Inshuwalansi zina zimakwera chaka ndi chaka. Ngati yafika K6,600 koma banki ikutumizabe K6,000 imene munaiuza kalekale, K600 ikuunjikana mwezi uliwonse, ndipo pa miyezi 11 yakwana ngongole ya mwezi wathunthu.

Inshuwalansi ikafa, kuidzutsa n'kotheka koma kuli ndi mtengo wake. Amafuna ngongole yonse, nthawi zina mafunso a zaumoyo, ndipo pa inshuwalansi ya maliro akhoza kukuyambitsaninso nthawi yodikira musanayambe kutetezedwa, imene nthawi zambiri imakhala miyezi isanu ndi umodzi pa imfa ya matenda. N'chifukwa chake ine ndimati tsiku lodulira lisagundane ndi tsiku la malipiro. Pemphani kuti azidula patatha masiku angapo malipiro atalowa, koma mugwirizane ndi kampani yomwe, osati banki yokha. Ndipo ngati munasintha nambala ya foni, kaisintheni kumeneko sabata ino, chifukwa uthenga wokuchenjezani ukupita pa nambala yakale ija.