Mphindi yoyamba pa mapemphero a kuntchito

Achemwali, mwaswera bwanji? Uthenga wanu ndaumva, ndiye ndati ndingokuyankhani pakamwa pompano, kulemba kungandichedwetse. Mwati mawa ndinu mutsogolere mapemphero a m'mawa kuntchito kwanuko, ndipo chimene chakusowetsani mtendere ndi poyambira, poti m'chipindamo mumakhala a mipingo yosiyanasiyana, Asilamu, ndi ena oti sapemphera n'komwe. Chabwino. Uthenga weniweniwo muli nawo kale, tiyeni tingokambirana za mphindi yoyambayo.

Mwati nthawi yonse ndi mphindi 15. Ndiye mawu otsegulira asapitirire mphindi imodzi ndi theka. Muwalembe papepala usiku uno, muwawerenge mokweza mukuyang'ana wotchi ya pafoni. Akapyola, dulani. Anthu aja mitima ili kale pa ntchito imene ikuwadikira, ndipo mukachedwa pakhomo, pofika pa uthenga adzakhala atakusiyani.

Moni ukhale wamba. Mwadzuka bwanji nonse, zikomo pobwera, basi. Ndikudziwa kuti pakamwa panu panazolowera "Aleluya" woti anthu ayankhe "Ameni". Kutchalitchi kwanu ndi wabwino ameneyo. Koma kuntchito, moni wofuna yankho umagawa chipinda nthawi yomweyo, chifukwa ena ayankha mokweza, ena angokhala chete, ndipo aliyense waona amene wakhala chete. Musabwerekenso moni wa chipembedzo cha eni ake pofuna kuwasangalatsa ngati simuugwiritsa ntchito masiku onse. Zimamveka kuti ndi zongoyeserera.

Tsopano apa ndi pamene ndikufuna mundimvetsetse bwino. Yankhulani za inuyo. Nenani kuti "ine ndimakhulupirira", musanene kuti "tonse timakhulupirira". Anthu ambiri akamva kuti gulu ndi losakanikirana, amaganiza kuti nzeru ndi kubisa chikhulupiriro chawo, n'kumayankhula zozungulira zopanda mutu kuti asakhumudwitse munthu. Ayi ndithu. Msilamu amene wakhala apoyo akudziwa kale kuti ndinu Mkhristu, ndipo sadabwa mukatsegula Baibulo. Chimene chimamupweteka ndi kumuika mawu m'kamwa. Mukati "tonse pano ndife opulumutsidwa ndi mwazi wa Yesu", mwamunenera chinthu chimene iye savomereza, pakuti kwa Asilamu Yesu ndi mneneri wolemekezeka koma si Mwana wa Mulungu. Ngakhale kunena kuti "tonse timapembedza Mulungu mmodzi", kumene ambiri amayesa kuti ndi kwabwino, kusamaleni. Alipo amene sagwirizana nazo, ndipo uja wosapemphera mwamusiya panja. Chimene tonse tili nacho mosakayikitsa ndi ntchitoyo. Tonse timatopa, tonse timayankha kwa bwana, tonse tinakhumudwitsidwapo ndi mnzathu wa pa desiki ina. "Tonse" wanu mumuike pamenepo.

Kenako auzeni anthu zimene zikubwera. Muwerenga kuchokera pati, mutenga nthawi yotalika bwanji, ndipo kumapeto kukhala pemphero kapena ayi. Munthu akadziwiratu, amasankha yekha mwaulemu chochita. Akadzidzimutsidwa, amachita manyazi pagulu.

Izi ndinaziphunzira movutikira. Kale, pamalo ena pomwe ndinkagwira ntchito, ndinayamba ndi kunena kuti tiyeni tonse tiimirire, tigwirane manja, titsinzine. Ndinkaona ngati ndikumanga umodzi. Bambo wina wa Mboni za Yehova, amene ankangobwera kudzamvetsera, anakhalabe pampando, chifukwa iwo sapemphera limodzi ndi zipembedzo zina. Maso onse anatembenukira kwa iye. Mnyamata wina wa Chisilamu anali pakati pa amayi awiri, manja ake ali lende, osadziwa kuti atani. Palibe anadandaula. Koma sabata yotsatira onse awiri sanabwere, ndipo zinanditengera nthawi kuti ndizindikire kuti wolakwa ndinali ine. Ndiye musalamule matupi a anthu. Mkatolika achita chizindikiro cha mtanda, wina aweramitsa mutu, wina atambasula manja, wina angokhala phee. Zonsezo zisiyeni.

Mwati mukufuna kukamba za kukhulupirika pa ntchito, ndipo mwasankha Yosefe. Mwasankha bwino kwambiri, chifukwa nkhani yake ili pa Genesis 39, komanso mu Korani muli sura yathunthu ya Yusuf, sura 12. Asilamu aja amudziwa munthu ameneyu. Koma musayambe kuwafotokozera zimene buku lawo limanena, ndiponso musaloze munthu n'kumufunsa kuti kodi si choncho kwanuko. Mwamusandutsa woimira chipembedzo chonse pomwe iye wangobwera kuntchito. Kungotchula kamodzi n'kokwanira.

Imvani mmene ine ndikanayambira.

"Mwadzuka bwanji nonse. Zikomo kuti mwapatula nthawi ntchito isanayambe. Ndikudziwa kuti pano tili a zikhulupiriro zosiyana, ndipo aliyense ndi wolandiridwa. Ine ndine Mkhristu, ndiye ndiwerenga mavesi atatu a m'Baibulo, Genesis 39 kuyambira vesi 21 mpaka 23. Ndi nkhani ya Yosefe, amene ena mwa inu mumamudziwa kuti Yusuf. Tiona munthu amene anatsekeredwa m'ndende osalakwa, koma anagwirabe ntchito mokhulupirika mpaka woyang'anira ndende anamusiyira zonse m'manja. Tonsefe tikudziwa mmene zimawawira kugwira ntchito popanda wokuyamikira. Nditenga mphindi 7. Pomaliza ndipemphera mwachidule monga ndimapempherera ine, m'dzina la Yesu. Amene akufuna apemphere nane, amene akufuna kupemphera chamumtima mwa njira yake atero, ndipo amene akufuna kungokhala chete kapena kupita kukayamba ntchito ali omasuka."

Mwamva? Sizinafike ndi mphindi imodzi ndi theka yomwe. Sindinapepese chifukwa chokhala Mkhristu, ndipo inunso musapepese. Mawu oti "pepani kwa amene si Akhristu" amaoneka aulemu, koma amaloza anthu chala. Dzina la Yesu ndalitchuliratu poyamba kuti likadzamveka pa pemphero lisakhale ngati msampha.

Kanthu kena kakang'ono. Potchula masiku, kumbukirani kuti si onse anapemphera Lamlungu. A Seventh Day amasunga Loweruka, Asilamu pemphero lawo lalikulu ndi Lachisanu masana. Ndiye m'malo moti "monga tinamvera kutchalitchi dzulo", ingolowani m'nkhani.

Ndipo poti inu muli ndi anthu amene mumawayang'anira, mawu oti ali omasuka kutuluka aja muwanene ndi mtima wonse, ndipo wina akadzuka musamutsatire ndi maso. Wantchito wamng'ono amaopa kuti akatuluka bwana amuona molakwika. Musatchulenso amene sanabwere, ngakhale moseka. Komanso poti mutu wanu ndi kukhulupirika, samalani kuti mawu otsegulira asamveke ngati mukudzudzula ochedwa kapena nkhani imene yangochitika mu ofesi. Anthu akangonunkhiza zimenezo, makutu amatseka.

Mukamayankhula, muziyang'ana nkhope, makamaka za amene akhala kumbuyo pafupi ndi chitseko. Mukaona angapo agwetsa maso pansi nthawi imodzi, kapena ayamba kuyang'anizana, dziwani kuti pali mawu amene aluma. Musaime kuti mufotokoze, mungowonjezera vuto. Ingobwererani ku "ine", n'kutsegula pa Genesis 39 paja muyambe kuwerenga.

Mukalemba anuwo, munditumizire usiku uno ndiwamvere musanagone.