Kalata yonena za kasungidwe ka maphunziro ojambulidwa

Zikomo apampando, mafumu athu, makolo nonse amene mwabwera ngakhale kwacha ndi mvula yamawawa muno mu Mzuzu. Ndaima pano kuti ndikufotokozereni kalata imene mnyamata wotithandiza mwaulere pa za makompyuta walembera ahedi.

Nkhani yagona pa malo osungira mavidiyo a maphunziro, amene amayezedwa m'magigabaiti. Phunziro la mphindi 40 likajambulidwa pa foni osachepetsa kukula kwa vidiyoyo, limadya magigabaiti pafupifupi 5. Sukulu ikamajambula maphunziro 10 pa sabata, ndiye kuti magigabaiti 50 apita. Hadi diski yathu, chipangizo chimene timasungiramo mavidiyowa, ndi ya magigabaiti 1,000, choncho masabata 20 akamakwana yadzaza, teremu yachiwiri isanathe n'komwe. Ikadzaza, mphunzitsi wofuna kuikamo zake amafufuta chimene wachiona koyamba, mwina masamu a fomu 4 mayeso a MSCE ali pakhomo.

Kalatayi ikupempha kuti vidiyo iliyonse izichepetsedwa kaye ndi pulogalamu yaulere yotchedwa HandBrake, mpaka itsike kufika pa theka la gigabaiti. Diski yomweyo itha kutisunga zaka zingapo. Koma mnyamatayo wachenjeza kuti asanafufute yoyambayo, munthu aziyamba watsegula yochepetsedwayo n'kuona ngati zolemba za pa bolodi zikuwerengeka. Vidiyo ya masamu imene manambala ake achita chimbuuzi ilibe ntchito.

Dzina la fayilo nalo liziyamba ndi tsiku, kenako kalasi ndi phunziro, motere:

```
2025-02-14_F4_Masamu.mp4
```

Mayina akalembedwa chonchi, kompyuta imawandandalika yokha motsata masiku.

Chimene chandigwira mtima ine ndi cha madiski awiri. Diski imafa osatsanzika, makamaka ikagwa pansi, kapena magetsi akazima ili mkati molemba. Mukamva ikulira kuti the-the-the, kapena fayilo ikuchedwa kutseguka, dziwani kuti yayamba kudwala. Tsono akuti Lachisanu lililonse zonse zizikopedwa pa diski yachiwiri, ndipo imeneyo izigona m'nyumba ina, m'bokosi lotseka bwino chifukwa cha chinyontho chathu chino. Zikagona chipinda chimodzi, mbala kapena denga lodontha zitenga zonse pamodzi. Kamodzi pa teremu azitsegulanso mavidiyo angapo a pa diski yachiwiriyo, kutsimikiza kuti akuseweradi.

Tsopano gawo lanu makolo. Vidiyo yoonetsa mphunzitsi ndi bolodi basi izisungidwa mpaka silabasi itasintha. Koma imene mukuoneka nkhope za ana izijambulidwa pokhapokha kholo litasayina kuvomereza, isamatumizidwe pa WhatsApp, ndipo izifufutidwa chaka cha sukulu chikatha. Wofufuta akhale mmodzi wosankhidwa ndi ahedi, azilemba m'kaundula chimene wafufuta ndi tsiku lake. Ine mfundo imeneyi ndikuivomereza ndi mtima wonse, chifukwa vidiyo ya mwana akulephera kuyankha funso ikangotuluka pa mpanda, palibe angaibweze.

Ahedi sanayankhe kalatayi, akudikira maganizo anu pa ziwiri: ndalama yogulira diski yachiwiri, ndi mawu a pa chikalata chovomereza chija. Apampando, ndikubwezera kwa inu kuti makolo afunse.