Za anthu ogulitsa "magemu otsimikizika" pa foni

Zikomo amfumu, zikomo makolo, ndi inu achinyamata amene mwakhala kumbuyoko. Ndikufuna tikambe za magulu a pa WhatsApp ndi Telegram amene akumauza ana athu kuti: "Tumizani K5,000 pa Airtel Money kapena Mpamba, tikupatseni magemu otsimikizika, simungaluze."

Poyamba tiwerengere limodzi. Munthu amene akudziwadi gemu yoti akabetcha ndalama imabwera kawiri, atayamba ndi K5,000 n'kumaibetchanso yonse, pofika gemu yakhumi ali ndi ndalama yoposa K5 miliyoni. Ndiye munthu wotereyu angamachezere usiku kupempha K5,000 yanu? Ndalama yake ikuchokera m'thumba mwanu, ku mpira kulibe chimene akupeza.

Wina anena kuti, "Koma achimwene, ineyo anandipatsa magemu anayi aulere, onse analowa." Sindikukutsutsani. Mvetserani mmene zimachitikira.

Gemu ya mpira imatha m'njira zitatu: yakwawo ipambana, ya alendo ipambana, kapena afanana mphamvu. Tiyerekeze kuti wakubayu ali ndi manambala a foni a anthu 810. Awagawa patatu. Anthu 270 awauza kuti ipambana yakwawo, 270 ena ya alendo, otsalawo awauza kuti afanana mphamvu. Gemu ikatha, gulu limodzi lalandira zoona, zivute zitani. Amene alandira zabodza amangowasiya. Anthu 270 aja awagawanso patatu pa gemu yachiwiri, atsala 90. Yachitatu atsala 30. Yachinayi atsala 10. Anthu khumi amenewa aona ndi maso awo magemu anayi otsatizana akulowa, ndipo palibe angawauze kanthu. Apa ndi pamene uthenga umafika: "Mawa kuli yaikulu, lipirani K50,000." Mwina iye sanaonereko ngakhale gemu imodzi. Inu mumangoona foni yanu, anthu 800 amene anawanamiza simuwaona.

Zithunzi za matikiti opambana zimene amatumiza m'gulu musaziwerengere. Chithunzi amachikonza pa foni pomwepo, ndipo munthu akhoza kubetcha matikiti ambiri a ndalama zochepa n'kukuonetsani imodzi yokha imene yalowa. Pa Telegram mwini gulu amatha kufufuta uthenga wa gemu imene yalakwika osasiya chizindikiro. Ena mwa oyamikira aja, "Zikomo bwana, ndagula njinga yamoto," amakhala iye yemweyo pa manambala ena.

Ndiye mungamuyese bwanji? Tengani kope ndi cholembera. Musalipire, musabetchenso. Gemu iliyonse imene wanena, ilembeni isanayambe: tsiku, matimu, zimene walosera, ndi nambala yochulukitsira ndalama ija, imene inu anyamata mumati maodzi. Maodziwo muwaone nokha ku kampani yobetchera nthawi yomweyo, osangokhulupirira amene iye walemba. Lembani magemu onse, osadumpha olakwika, ndipo muyerekeze kuti pa iliyonse mwaika ndalama yofanana, tinene K1,000.

Tione mmene kope lingaonekere. Wakupatsani magemu 20, onse a maodzi 1.30, ndipo 14 alowa. Iye alengeza m'gulu kuti pa magemu khumi alionse amalasa asanu ndi awiri, ndipo sananame. Koma tawerengani ndalama. Mwaika K20,000. Gemu yolowa imabweza K1,300, ndiye 14 abweza K18,200. Mwaluza K1,800, tisanawerengere K5,000 yolowera m'gulu ija. Pa maodzi amenewa, kuti mungopyola ndalama yanu pang'ono, pafunika magemu 16 mwa 20. Timu yamphamvu ikamasewera ndi yofooka, ngakhale agogo akhoza kulosera, n'chifukwa chake kampani imalipira zochepa. Choncho musamufunse kuti walasa kangati. Funsani kuti pa ndalama yoikidwa yatsala zingati.

Ndichenjezenso: magemu 20 ndi ochepa. Mwayi wokha ungamuyendere munthu mwezi wathunthu. Kuti mudziwe ngati pali luso pamafunika magemu mazana angapo olembedwa motere, ndipo wakuba safuna kudikira zimenezo. Amakufulumizitsani: malo atsala awiri, mtengo ukwera usiku uno. Gemu yolipira ija ikalakwika, amati wosewera mmodzi waphwanya pangano lachinsinsi la mmene gemuyo ithere, onjezerani ndalama akupatseni ina yobwezera. Mukadandaula m'gulu, amakuchotsani.

Pali enanso amene sakulipiritsani, amangoti mulembetse ku kampani yobetchera kudzera pa linki yawo. Ambiri mwa amenewa kampani imawagawira gawo la ndalama zimene inu mwaluza. Ndiye amene akukulangizaniyo amadya inu mukagwa.

Ngati mwatumiza kale ndalama, musatumizenso, ngakhale wina akuimbireni kuti akuthandizani kuibweza mukalipira kaye. Sungani mauthenga onse ndi nambala imene inalandira ndalama, mukanene ku kampani ya foni ndi kupolisi. Makolo, mwana akabwera kudzaulula, musayambe ndi kumukalipira, chifukwa akachita mantha amakakongola ndalama ina kuti abweze yoyambayo mwakachetechete. Amene ali ndi funso aimike dzanja.