Makei asanu a Asikhi: tsitsi, chipeso, chibangili, kabudula ndi lupanga

[Pakanema: bambo wandevu akumanga nduwira pagalasi]

Moni nonse, takulandirani. Munthu akakufunsani kuti Msikhi, wotsatira chipembedzo chimene chinayambira ku Punjab, mungamuzindikire bwanji, ambiri mudzayankha kuti ndi nduwira ija amakulunga kumutu. Simunaname. Koma chodabwitsa nchakuti pa zinthu zisanu zimene Msikhi wolumbiritsidwa amayenera kukhala nazo pathupi usana ndi usiku, nduwira palibepo. Zisanuzo ndi tsitsi losameta, chipeso chamtengo, chibangili chachitsulo, kabudula wamkati ndi lupanga. M'Chipunjabi mayina ake onse amayamba ndi chilembo K: keshi, kanga, kara, kachera ndi kiripani. Nchifukwa chake amangowatcha makei asanu. Musasokonezeke, kanga ameneyu si nkhanga yakutchire, ndipo kachera si mtengo wa kachere.

[Pakanema: mapu a Punjab, kumpoto kwa India]

Kuti zimveke, tiyambe ndi chaka cha 1675 mumzinda wa Delhi. Mphunzitsi wachisanu ndi chinayi wa Asikhi, Guru Tegh Bahadur, anadulidwa mutu anthu akuonerera, mu ulamuliro wa mfumu Aurangzeb. Asikhi amasimba kuti tsiku limenelo otsatira ake ena analipo pachigulupo, koma mantha atawagwira anangoti zii, nasakanikirana ndi anthu ena ngati samudziwa. Panalibe chowasiyanitsa ndi wina aliyense.

Mwana wake, Guru Gobind Singh, anali ndi zaka zisanu ndi zinayi zokha. Patatha zaka 24, mu 1699, pa chikondwerero cha zokolola cha Vaisakhi ku Anandpur, iye anatulukira pamaso pa khamu atasolola lupanga nkufunsa kuti ndani angapereke mutu wake. Anadzuka munthu mmodzi, analowa naye m'hema, ndipo Guru anatuluka yekha lupanga lili magazi okhaokha. Anafunsanso, mpaka anthu anakwana asanu. Kenako onse asanu anatuluka amoyo. Anali ochokera m'madera ndi m'magulu osiyana, wina wometa anthu, wina wotunga madzi, wina mlimi, anthu oti mwa mwambo wa nthawi imeneyo sakanamwera chikho chimodzi. Guru anawamwetsa madzi a shuga m'mbale imodzi yachitsulo, atawavundula ndi lupanga lakuthwa konsekonse. Apo ndi pamene panabadwira gulu la Khalisa, amuna nkumatchedwa Singh, kutanthauza mkango, akazi nkumatchedwa Kaur.

Mwambo wa madziwo, otchedwa amuriti, ukuchitikabe lero. Wolumbira amamwa kasanu m'manja mwake, amawazidwa kasanu m'maso ndi kasanu m'tsitsi. Apa tigwirizane chinthu chimodzi: si Msikhi aliyense amene anamwa amuriti. Alipo ambiri ometa, alipo ovala chibangili chokha. Lamulo la zisanu zonse limamanga amene analumbira, mwamuna kapena mkazi mofanana. Ndipo mukaziyang'ana bwino, muona kuti zimapangitsa chimene chinachitika ku Delhi chija kukhala chovuta kubwereza. Munthu wovala izi sangabisale pagulu nkukana kuti si iyeyo.

[Pakanema: tsitsi lalitali likupesedwa]

Keshi ndiye tsitsi, ndipo pa zisanuzi ndi limene lili ndi chilango chachikulu. Sikuti la kumutu lokha ayi. Ndevu, nsidze, cheya cha m'manja ndi m'miyendo, zonse sizimetedwa, kuzulidwa kapena kuwaulidwa. Ganizo lake nlakuti thupi ulilandire mmene Mlengi anakupatsira, osalikonza kuti usangalatse maso a anthu. Buku la malamulo a khalidwe la Asikhi, limene bungwe lawo loyang'anira akachisi ku Amritsar linavomereza mu 1945, limatchula milandu inayi ikuluikulu: kumeta tsitsi, chigololo, fodya, ndi kudya nyama yophedwa mwa mwambo wozinga pang'onopang'ono. Wochita chimodzi mwa izi lumbiro lake lasweka. Amakaonekera pamaso pa Asikhi asanu olumbira, amavomera kulakwa, amapatsidwa chilango monga kupukuta nsapato za opembedza kapena kutsuka mbale kukhitchini ya kukachisi, kenako amamwanso amuriti.

Mukafuna kudziwa kulemera kwa tsitsili kwa iwo, funsani za Bhai Taru Singh. Mu 1745 ku Lahore anakana kumetedwa, ndipo omuzunza anachita kumusenda khungu la pamutu, tsitsi lili pomwepo. Nkhani yake imakumbukiridwa m'mapemphero a Asikhi mpaka lero.

Nanga nduwira ija? Ntchito yake nkuphimba ndi kulemekeza keshi. Mwamuna amapota tsitsi nkulimanga mfundo pamwamba pamutu, kenako nkukulunga nsalu yotalika mamita angapo. Kwa mwamuna wolumbira nduwira njokakamiza ngakhale siili pa mndandanda. Pali kagulu kena, Akhand Kirtani Jatha, kamene kamati kei woyamba ndi kanduwira kakang'ono kotchedwa kesiki, ndipo akazi awo nawonso amamanga. Ngakhale kuno nduwirazi zinafika kale: asilikali achisikhi anali m'gulu limene Harry Johnston anabweretsa ku Nyasaland kuchokera ku India mu 1891.

Kanga ndi kachipeso kamtengo, kokwana m'chikhatho, kamene amakatsomeka mumfundo ya tsitsi ija kunsi kwa nduwira. Simudzakaona, koma kalipo. Amapesera kawiri patsiku, m'mawa ndi madzulo. Ine ndimakakonda kachipesoka chifukwa kamayankha funso limene tsitsi losameta limadzutsa. Ku India kuli anthu opatulika amene amasiya tsitsi lipotane lokha posonyeza kuti za dziko anazitaya. Msikhi akuti ayi, ine tsitsi ndisunga koma ndilisamala, ndikwatira, ndilima, ndichita malonda, ndipo Mulungu ndimupembedza ndili pakati pa anthu.

[Pakanema: dzanja lamanja, chibangili chikugunda patebulo]

Kara ndi chibangili, kawirikawiri kudzanja lamanja, dzanja logwirira ntchito. Chimayenera kukhala chachitsulo. Golide kapena siliva amachisandutsa chodzikongoletsera, ndiye olumbira okhwima pa mwambo sazilola. Poti nchozungulira, chopanda poyambira ndi pothera, amati chimakumbutsa za Mulungu mmodzi wosatha. Koma tanthauzo limene makolo amauza ana awo nlapafupi kuposa pamenepo: ukatambasula dzanja kuti ube, umenye wosalakwa kapena ulandire chiphuphu, chitsulocho uchiona chisanafike chimene ukufunacho. Mu 2008 khoti lalikulu ku Britain linagamula mokomera mtsikana wazaka 14, Sarika Watkins-Singh, amene sukulu yake ku Wales inamuchotsa ponena kuti kara ndi zibangili wamba zoletsedwa pasukulu.

Kachera ndi kabudula wansalu, wotakasuka m'chiuno, womanga ndi chingwe, ndipo miyendo yake sipitirira maondo. Pa nthawi imene amuna ambiri ankavala nsalu yaitali yokulunga m'chiuno, kabudulayu ankalola munthu kuthamanga ndi kukwera hatchi msanga. Tanthauzo lake lauzimu ndi kudziletsa, makamaka kukhulupirika m'banja. Chimene chimandichititsa chidwi ndi kasinthidwe kake. Olumbira ambiri amasamba atavala. Akatha, amatulutsa mwendo umodzi mu wonyowayo nkuulowetsa mu wouma, kenako mwendo winawo, kuti pasakhale mphindi imene alibe kachera pathupi. Posambapo kachipeso ndi lupanga amazimangirira kumutu ndi kansalu. Ngakhale maliro, womwalirayo amamusambitsa nkumuveka zisanu zonse asanamutenthe.

[Pakanema: kiripani m'chimake, pa lamba wansalu wodutsa paphewa]

Tsopano kiripani, chimene chimadzetsa milandu yambiri. Ndi lupanga lopindika pang'ono, lokhala m'chimake, lopachikidwa pa lamba wansalu wotchedwa gatira amene amadutsa paphewa lamanja kutsikira m'chiuno chakumanzere. Malamulo awo sanena kutalika kwake, choncho ambiri amavala laling'ono mkati mwa malaya, lalikulu nkumalitulutsa pa zikondwerero. Asikhi amakonda kulimasulira ndi mawu awiri, kiripa kutanthauza chifundo, ndi ani kutanthauza ulemu. Ntchito yake nkuteteza woponderezedwa, kaya ndi wachipembedzo chanji, ndipo limasololedwa njira zina zonse zikakanika. Kulisolola chifukwa cha mkwiyo kapena kuopseza mnzako pamkangano wa malire a munda ndi kulinyoza. Tsiku ndi tsiku ntchito imene mungalione likugwira ili kukachisi, pamene nsonga yake amaikhudzitsa pa chakudya chotsekemera cha ufa wa tirigu, shuga ndi mafuta a mkaka asanachigawe kwa anthu.

Ku India, ndime 25 ya malamulo aakulu a dziko imanena mwachindunji kuti kuvala kiripani ndi mbali ya chipembedzo cha Asikhi. Pa ndege zoyenda mkati mwa dzikolo amalola, malinga mpeni wake usapitirire masentimita 15.24, ndipo lonse pamodzi ndi chigwiriro lisapitirire 22.86. Kunja kwa India nkhani imavuta, ndipo mlandu wa ku Canada ukuonetsa bwino mmene imakhalira.

Mu 2001 mumzinda wa Montreal, mnyamata wazaka 12, Gurbaj Singh Multani, anagwetsa mwangozi kiripani wake pabwalo la sukulu. Anali wachitsulo, wotalika pafupifupi masentimita 20. Poyamba akuluakulu a maphunziro anagwirizana ndi makolo kuti azivalabe, koma atasokereredwa mkati mwa zovala. Komiti ya pasukulupo inakana, inati chida ndi chida. Kenako akuluakulu a maphunziro aja anamuuza kuti avale wamtengo kapena wapulasitiki, kapena kachithunzi kake kolendewera m'khosi. Banjalo linakana, chifukwa kwa iwo kiripani wosakhala wachitsulo sakwaniritsa lumbiro.

Mu 2002 woweruza wina anaika njira yapakati: kiripani akhale m'chimake chamtengo, chimakecho chikulungidwe ndi kusokedwa mu nsalu yolimba, zonse zikhale kunsi kwa zovala, aphunzitsi akhale ndi ufulu woyendera, ndipo mnyamatayo asamusiye m'manja mwa munthu wina. Mu 2004 khoti la apilo la Quebec linagwetsa chigamulo chimenechi. Nkhani inakafika ku khoti lalikulu kwambiri la Canada, ndipo mu Malichi 2006 oweruza onse anagwirizana kuti kuletseratu kunaphwanya ufulu wake wachipembedzo. Anaona kuti m'sukulu momwemo muli masizasi, mapensulo ndi zibonga zosewerera mpira, zosavuta kutola kuposa lupanga losokeredwa mu nsalu, komanso kuti panalibe umboni woti kiripani anavulazapo munthu m'sukulu za ku Canada. Pamene chigamulochi chinkatuluka, Gurbaj anali ndi zaka 17, ndipo anali atachoka kalekale pasukulu ya bomayo nkukalowa yolipira, imene inkamulola kulowa m'kalasi ndi kiripani wake.